Besi ya m'chipinda chopanda zotchingira: kuyeza ndi nyimbo ya anzako ndi analayiza

Mnyamata wina amene amajambula nyimbo kuseri kwa msika wa pa Kasungu boma anandipeza Lolemba m'mawa ali ndi fulashi m'manja. Nyimbo imene anakonzera gulu lina la achinyamata a kutchalitchi inali itaseweredwa pa chinkhoswe ku Santhe Loweruka, ndipo zimene anamva kumeneko sizinamugoneke tulo.

"Akulu, tandithandizeni. Pa zokuzira mawu besi inangoti wuuu, oimba osamveka, dijeyi mpaka anatsitsa. Koma eni nyimbo akuti pa foni besi mulibe. Ndiye ndiwonjezere kapena ndichotse?"

Ndinamuuza kuti onse awiri akunena zoona, ndipo tisanakhudze nyimboyo tikaone kaye chipinda chake.

Chipindacho ndi chonga zambiri zimene timagwiriramo ntchito kuno: njerwa zootcha zopakidwa pulasitala, pansi pa simenti, siling'i ya mabolodi, zenera limodzi. Kukhoma anamata matileyi a mazira. Tepi inatiuza kuti mulitali ndi mamita 4, mulifupi mamita 3, ndipo kuchoka pansi kufika ku siling'i ndi mamita 2.6. Tebulo lake ndi lalikulu, analikoka pang'ono kuti mawaya azidutsa kumbuyo, choncho mpando unagwera mamita 2 kuchoka kukhoma la kutsogolo, pakati penipeni pa chipinda.

Mawu otsika ndi mafunde ataliatali. Funde la 50 Hz, kutanthauza lonjenjemera maulendo 50 pa sekondi, limatalika pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda chonsecho. Likachoka pa sipika limagunda khoma, kubwerera, n'kukumana ndi linzake limene likubwera. Pa mafulikwense ena, amene kutalika kwake kwagwirizana ndi mtunda wa pakati pa makoma awiri, kukumanako kumakhazikika malo amodzi: pena mafunde amathandizana mawu n'kukula, pena amafafanizana mawu n'kusowa. Fulikwense yoyamba yochita zimenezi imapezeka chonchi, L kukhala mtunda wa pakati pa makomawo m'mamita, 343 kukhala mamita amene mawu amayenda pa sekondi imodzi:

```
f = 343 / (2 × L)
```

Mamita 4 akupereka 43 Hz, mamita 3 akupereka 57 Hz, mamita 2.6 akupereka 66 Hz. Mafulikwense atatuwa amamveka kwambiri m'mphepete mwa makoma, koma pakati pa makoma awiriwo amafooka zedi. Owirikiza kawiri ake, 86, 114 ndi 132 Hz, amachita zosiyana, pakati m'pamene amakula. Tsono taganizani munthu amene wakhala pakati mulitali, pakati mulifupi, ndipo makutu ake ali mamita 1.2 kuchoka pansi, kutsala pang'ono theka la msinkhu wa chipinda. Zonse za pansi pa 70 Hz amazimva zoonda, za pakati pa 85 ndi 130 Hz amazimva zotupa. Matileyi a mazira alibe nazo ntchito zimenezi. Kapepala kopyapyala sikangaimitse funde la mamita 7.

Tsoka la mnzanguyu linali lakuti nyimboyo inali mu kiyi ya F. Noti ya F yotsika ya besi ili pa 43.7 Hz, ndipo okitevu yake ili pa 87.3 Hz. Yerekezani ndi 43 ndi 86 za chipinda chija. Kukatentha ngati mu Okutobala, mpweya ukafika madigiri 30, mawu amathamanga mamita 349 pa sekondi, ndipo masamu aja amapereka 43.6, ndendende pa notiyo. Kuwonjezera apo, masipika ake ndi aang'ono a mainchesi 5, amene pofika pa 44 Hz amakhala atatopa kale.

Kuti akhulupirire, tinatsegula 3x Osc, kachida kotulutsa mawu ka mu FL Studio, pulogalamu imene amajambulira nyimbo, kusiya osileta imodzi ya funde losalala, n'kugwira noti ya F yotsikayo osaisiya. Ali pampando sankamva kanthu kupatula kunjenjemera kwa zenera. Ndinamuuza kuti aimirire akatsamire khoma la kumbuyo. Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Iii akulu, mwakweza?" Sindinakhudze chilichonse. Titakwera okitevu imodzi zinatembenuka: pampando phokoso lodzaza mutu, koma atasuntha mita imodzi kupita kumbuyo notiyo inachepa ngati wina watseka chitseko.

Apa m'pamene panachokera vuto lake lonse. Pomikisa, 44 Hz sankaimva, ndiye ankaikweza. 87 Hz inkamusokosa, ndiye ankaidula. Zokuzira mawu za pa chinkhoswe zili ndi masabu amene amatulutsa 44 Hz bwinobwino, motero zonse zimene anaunjika kumeneko zinatulukira poyera. Foni ndi kawailesi sizifika n'komwe kumeneko, zimadalira mawu a pamwamba a besiyo kuti khutu liganize kuti besi ilipo, ndipo iye anali atayamba kuwadula kuyambira pa okitevu yoyamba.

Mankhwala enieni ndi kukonza chipinda, koma zotchingira zogwira besi zimafuna ubweya wokhuthala kwambiri m'makona, ndalama zake n'zambiri, ndipo nyumbayo ndi ya lendi. Chimene chilipo ndi zida ziwiri zimene chipinda sichingazinamize mofanana. Analayiza, kachida kojambula mphamvu ya fulikwense iliyonse ngati mzere pa zenera, imawerenga nyimbo ili m'kompyuta, isanafike pa sipika, choncho za makoma sizidziwa. Nyimbo yoyezera, kutanthauza nyimbo yomalizidwa kale imene ukuidziwa kuti imamveka bwino paliponse, imadutsa m'chipinda chomwecho n'kupotozedwa chimodzimodzi ndi yako. Ngati nayonso ikusokosa pa 87 Hz, wolakwa ndi chipinda. Funso limasintha. Susamalanso zoti besi ikumveka bwino pampando pano, umafunsa kuti besi yanga ikusiyana bwanji ndi ya nyimbo iyi.

Kusankha nyimbo yoyezera kumafuna mtima wodekha. Isakhale chabe nyimbo imene umaikonda. Ikhale ya mtundu womwewo, liwiro loyandikana, ndi besi ya mtundu umodzi, chifukwa gitala ya besi ya mu kwaya singayezedwe ndi logi dilamu ya amapiano. Ikhalenso yoti unaimvapo m'malo ambiri, mu minibasi ya ku Lilongwe, pa zokuzira mawu za ukwati, pa foni, ndipo konseko inaima bwino. Ine ndimatenga zitatu, chifukwa imodzi yokha ikhoza kukhala ndi zolakwa zake ndipo ungazikopere osadziwa. Zitatu zimakupatsa mpanda: malire a pamwamba ndi a pansi amene nyimbo zabwino za mtunduwo zimayendamo. Za mtundu wa failo musade nazo nkhawa kwambiri. MP3 imawononga makamaka mawu a pamwamba, besi imatsala pafupifupi momwe inalili, bola failoyo isakhale yojambulidwa pa wailesi kapena yodutsa m'manja mwa dijeyi amene anaikweza besi.

Cholakwa choyamba chimene ndimachipeza pafupifupi mu situdiyo iliyonse ndi njira imene nyimbo yoyezera ikudutsa. Munthu amaiponya mu pulojekiti, iyo n'kupita ku Master, tilaki imene mawu onse amathera, kumene kuli limita yopanikiza mawu okwera ndi ikyu yokweza kapena kudula mafulikwense a mikisi yake. Ndiye kuti akuyeza ndi sikelo imene waipinda yekha. Mu FL Studio ipatseni Insert yakeyake, muichotse ku Master, n'kuisankhira potulukira pa saundi khadi mwachindunji m'kabokosi ka pansi pa tilakiyo. Zikakuvutani, zimitsani mapulagini onse a pa Master nthawi imene mukuimvera. Analayiza ikhale pa tilaki ya Current, imene imaonetsa tilaki iliyonse mwaidina. Mukadina Master mukuona mikisi yanu, mukadina Insert ija mukuona nyimbo yoyezera, pa zenera limodzi ndi makonzedwe amodzi.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba, ndipo ndi voliyumu. Khutu la munthu silimva besi mofanana pa voliyumu iliyonse. Fletcher ndi Munson anaziyeza kale mu 1933: mawu akatsika mphamvu, besi ndi imene imayamba kuthawa m'khutu, ndipo akakwera imabwerera msanga kuposa mawu a pakati. Nyimbo yoyezera inadutsa kale ku masitala, kumene nyimbo imamalizidwa n'kukwezedwa, ndiye ndi yokwera. Mikisi yako sinafike kumeneko. Ukazisinthanitsa momwe zilili, yoyezera imamveka ya besi yambiri nthawi zonse, iwe n'kuthamangira kukweza yako. Pa analayiza n'chimodzimodzi, mzere wonse wa yoyezera umakhala pamwamba ndipo palibe chimene ungawerenge.

Tinaika Youlean Loudness Meter, yoyeza kukwera kwa nyimbo m'manambala otchedwa LUFS, imene ili ndi mtundu waulere, n'kuzungulitsa kolasi ya nyimbo iliyonse. Kolasi iyezedwe ndi kolasi, osati vesi ya wina ndi kolasi ya wina. Yoyezera yoyamba inawerenga -9 LUFS, mikisi ya mnyamatayo -17 LUFS. Tinatsitsa yoyezera ndi 8 dB pogwiritsa ntchito Fruity Balance pa malo oyamba a Insert yake, mpaka manambala anafanana. Amatsika ndi wokwerayo. Kukankha mikisi yako mu limita kuti imupeze mnzakeyo kumasintha besi yomwe ukufuna kuyezayo.

Tsopano analayiza. Timagwiritsa ntchito SPAN ya Voxengo chifukwa ndi yaulere ndipo kompyuta yofooka imainyamula. Ikangotsegulidwa mzere wake umavinavina, wosangalatsa kuuona koma wosawerengeka. Makonzedwe anga poyeza besi ndi awa:

```
Block Size  8192
Avg Time    4000
Smoothing   1/3 oct
Slope       4.5
```

Block Size ndi imene ambiri saimvetsa. Analayiza imadula nyimbo m'tizidutswa n'kuwerenga kachidutswa kalikonse, ndipo kachidutswa kakatalika imatha kusiyanitsa mafulikwense oyandikana. Pa 44100 Hz, 2048 imagawa mawu m'timabokosi ta 21.5 Hz, kutanthauza kuti zonse za pakati pa 40 ndi 80 Hz zimagwera m'timabokosi tiwiri tokha. Pamenepo F, G ndi A zimaoneka chimulu chimodzi. Pa 8192 kabokosi kamakhala 5.4 Hz, pafupifupi mtunda wa pakati pa F ya 43.7 ndi G ya 49. Mtengo wake ndi wakuti mzere umachedwa kuyankha, koma pano sitikuthamangitsa kugunda kwa kiki, tikufuna kulemera kwa besi pa kolasi yonse. N'chifukwa chakenso Avg Time ili pa masekondi anayi.

Slope imapendeketsa chithunzi. Nyimbo zambiri zimakhala ndi mphamvu zochuluka pansi, zochepa pamwamba, ndiye SPAN imabwera itapendekeka kale ndi 4.5 dB pa okitevu kuti nyimbo yabwinobwino izioneka ngati yogona. Analayiza zina zimapendeka ndi 3, zina sizipendeka n'komwe. Choncho chithunzi cha pa analayiza ya mnzako, kapena chimene waona pa kanema wophunzitsa, sungachiyerekeze ndi chako pokhapokha nambalayi ifanane. Ndipo kugona kwa mzere si cholinga. Ndaonapo anyamata akusalaza mikisi ndi ikyu mpaka mzere utawongoka ngati msewu wa M1, nyimbo n'kutsala yopanda moyo.

Smoothing, imene imasalaza timapiri ta pa mzere, ili ndi chifukwa chake chimene chikukhudza kiyi. Nyimbo zathu zoyezera sizinali mu F. Imodzi inali mu G, phiri lake pa 49 Hz, ina mu A, phiri lake pa 55 Hz. Ukayang'ana pa 44 Hz penipeni upeza mikisi yako ili pamwamba ndithu, chifukwa anzakowo saimba notiyo kawirikawiri. Zimenezo si umboni. Umayerekeza phiri ndi phiri, ndiponso chigawo ndi chigawo. Ine ndimagawa patatu: 30 mpaka 60 Hz kumene kuli sabu, 60 mpaka 120 Hz kumene kuli thupi la besi ndi chifuwa cha kiki, ndi 120 mpaka 250 Hz kumene besi imakumana ndi kiyibodi ndi mawu a abambo.

Tisanawerenge pansi tinayang'ana kaye pakati, kuyambira 500 Hz mpaka 2 kHz kumene kuli oimba. Pamenepo mizere iyenera kuyandikana, chifukwa besi imayezedwa poyerekeza ndi mawu a pakati. Mikisi ya mnyamatayo inali pansi ndi 1 dB, zosadetsa nkhawa. Kenaka tinatenga kope ndi cholembera, kuika kalozera wa mausi pamwamba pa chigawo chilichonse, n'kulemba nambala. Mu chigawo cha sabu, nyimbo zitatu zija zinasiyana zokhazokha ndi 3 dB basi, koma yake inali 7 dB pamwamba pa yokwera kwambiri mwa izo. Mu chigawo chachiwiri inali 5 dB pansi pa yotsika kwambiri. Chachitatu chinali mkati mwa mpanda. Pa zenera zinkaoneka ngati chulu chachitali kumanzere, kenaka dzenje, kenaka chigwa. Nyimbo zoyezera zinali ndi mtunda umodzi wotakata woyambira cha pa 50 mpaka kupitirira 100 Hz.

7 dB si yochepa. 6 dB yokha ndi kuwirikiza kawiri kukula kwa funde, ndiye sabu ya pa chinkhoswe inkakankha mpweya koposa kawiri mmene nyimbo zina zinkaikankhitsira. Limita nayo imamva mphamvu imeneyo ngakhale iwe sukuimva, ndipo F ikagunda imapanikiza nyimbo yonse, oimba omwe.

"Ndiye ndiike ikyu pa Master ndidule 7?" anafunsa, dzanja lili kale pa mausi.

Ndinati ayi mphwanga, tsegula kaye tilaki ya besi tione zimene unachita. Mu Fruity Parametric EQ 2 munali umboni wonse: anakweza 6 dB cha pa 45 Hz, n'kukumba dzenje la 5 dB cha pa 90 Hz. Pa kiki anakumbanso pa 90 pomwepo. Analayiza ya pa Master imangonena kuti pali vuto, sinena kuti walibweretsa ndani, ndipo ukadula pa Master umalanga kiki pa mlandu wa besi. Tinangobweza mfundo zitatuzo pa ziro. Sabu inatsala 1 dB pamwamba pa mpanda, chigawo chachiwiri chinalowa mkati. Kenaka tinayezanso LUFS, chifukwa ukachotsa mphamvu yochuluka chotero nambala imasuntha, ndipo kufananitsa kuja kumayenera kubwerezedwa.

Atamvera ali pampando anakwinya nkhope. Kwa iye nyimbo inali itaipa: pansi popanda kanthu, pa 87 pakusokosa. Apa m'pamene nyimbo yoyezera imagwira ntchito imene analayiza singagwire. Ndinaika fyuluta yodula zonse za pamwamba pa 150 Hz pa mbali zonse ziwiri, n'kumasinthanitsa masekondi asanu uku, asanu uku. Nyimbo imene iye mwini amaitama kuti ili ndi besi yabwino inamvekanso chimodzimodzi, yoonda pansi, yotupa pa okitevu. Anaseka. Munthu sasiya kukhulupirira makutu ake chifukwa cha mzere wa pa kompyuta, koma akamva nyimbo imene amailemekeza ikudwala matenda omwewo pampando womwewo, amagonja. M'chipinda chimenecho, besi yolondola imamveka choncho, ndipo khutu liyenera kuzolowera.

Pali zimene mzere wochedwa uja umabisa. Suonetsa nthawi. Besi ya manoti aatali osapuma ndi besi yodumphadumpha zikhoza kujambula phiri lofanana, koma ina imadzaza nyimbo pamene ina imasiya mpata. Chipinda nachonso chimanama pa nkhani ya nthawi, chifukwa fulikwense imene yagwirizana ndi makoma imapitiriza kulira noti itatha, ndiye umadula mchira wa kiki umene unalibe vuto. Izi zimaweruzidwa ndi mahedifoni, fyuluta ija ili chiyakire, kusinthanitsa ndi yoyezera. Mahedifoni ali ndi bodza lawo, ambiri amakweza besi, koma bodzalo silisintha ukasuntha mutu, ndipo limagwera nyimbo zonse ziwiri mofanana. Kumbukiraninso kuti yoyezera inapanikizidwa kale ku masitala, choncho kiki yanu ikamaoneka yodumpha kuposa yake, si chifukwa choithira kompuresa.

Chinthu chimodzi chimene analayiza imachita bwino kuposa khutu m'chipinda chotere ndi kuyeza noti ndi noti. Tinasiya besi yokha, kuzimitsa Smoothing, kutsitsa Avg Time, n'kuona msinkhu wa phiri la noti iliyonse. F, B fulati ya 58 Hz ndi C ya 65 Hz zimayenera kufika pafupifupi pamodzi. Tinapeza kuti mu Piano roll anali atakweza mphamvu ya ma F onse, poti ndi amene sankamveka. Ikyu sikanakonza zimenezo. Tinawabweza pa msinkhu wa anzawo, ndipo 1 dB yotsala ija inapita.

Za pa foni zinatsala pang'ono. Kubweza 87 Hz kunathandiza mawailesi ndi masipika a m'mashopu, koma sipika ya foni imayamba kugwira ntchito pamwamba kwambiri kuposa pamenepo. Tinaika Fruity Soft Clipper pa besi n'kuikankha pang'ono kuti ibale mawu a pamwamba, owirikiza a notiyo, mpaka timapiri tating'ono tinayamba kuoneka kupitirira 200 Hz. Poti funde losalala lokha lilibe choti foni igwire, timapiri timeneti ndi timene khutu limamangira noti imene sipika sinatulutse.

Tisanatseke tinakankhira tebulo kukhoma kuti mpando ubwere pa mamita 1.5 kuchoka kutsogolo, pafupi ndi gawo la 38 pa 100 la mulitali limene akatswiri a zipinda amayambira poyesa. Pa mamita 2 pali dzenje la 43 Hz, pa mita imodzi pali dzenje la 86 Hz, ndiye 1.5 ili pakati pa maenje awiriwo. Za 57 ndi 66 Hz zinatsala momwemo, chifukwa mulifupi uyenera kukhalabe pakati kuti masipika awiri amveke mofanana. Anatenga choko n'kulemba mzere pa simenti pamene miyendo ya mpando iyenera kuima, ndipo manambala a nyimbo zitatu zija anawakopera pa pepala n'kulimata pakhoma, pamwamba pa matileyi a mazira.